Kudutsitsa deta pakati pa makoloko awiri: pamene ndafika ndi kugwirana chanza kwa masitepe anayi ndi awiri

Ntchito yanga ya pa bodi ya FPGA, chipi chimene dera lake limakonzedwa ndi pulogalamu, yafika pamene zigawo ziwiri, chilichonse chokhala ndi koloko yakeyake, zikuyenera kupatsana deta. Chigawo chotumiza, chimene ndachitcha A, chikuyendera koloko ya 50 MHz, imene imagunda pa 20 ns iliyonse, pamene chigawo cholandira, B, chikuyendera ya 10 MHz, ya 100 ns. Makolokowa sakuchokera kumodzi, choncho palibe chigawo chimene chingadziwiretu nthawi imene chinzake chigundire. Pofuna kuti zimvane, ndaika mawaya awiri ogwirira chanza pambali pa mawaya asanu ndi atatu a deta: `req`, imene A amapemphera kuti deta itengedwe, ndi `ack`, imene B amavomerera kuti watenga.

Ndinayamba ndi njira ya masitepe anayi chifukwa ndi yosavuta kuiona ndi maso. A amaika deta n'kukweza `req` kufika pa 1. B akaona zimenezi amatenga deta n'kukweza `ack`. Kenako A amatsitsa `req`, ndipo B naye amatsitsa `ack`, kuti mawaya onse awiri abwerere pa 0 ulendo wina usanayambe. Masitepe awiri omalizawo sanyamula deta ina iliyonse; ntchito yawo ndi kubwezera mawaya pamalo oyambira basi. Njira ya masitepe awiri imachotsa kubwererako. M'njira imeneyi chofunika ndi kusintha kwa waya, kaya kuchoka pa 0 kupita pa 1 kapena kuchoka pa 1 kupita pa 0. A akasintha `req`, ndiye kuti pali deta yatsopano, ndipo B akasintha `ack` kuti ifanane ndi `req`, ulendo watha.

Chimene chikupangitsa kusiyanaku kukhala kwakukulu pa bodi yanga ndi mtengo wa kudutsa malire a makoloko. Waya wochokera ku koloko ina akhoza kusintha pa nthawi yeniyeni imene flipiflopu, kachigawo kosunga biti imodzi, ikumuwerenga, ndipo zikatero flipiflopuyo imatha kukhala kanthawi ili pakatikati, osakhazikika pa 0 kapena pa 1. Mankhwala ake odziwika ndi kudutsitsa wayayo m'maflipiflopu awiri otsatizana, kuti yoyamba ipeze nthawi yokhazikika yachiwiri isanaiwerenge. Umu ndi mmene mbali ya B ya masitepe awiri ilili tsopano, momwe `s1` ndi `s2` ndi maflipiflopu awiriwo, ndipo `rst` ndi waya woyambitsiranso dera:

```verilog
always @(posedge clk_b)
if (rst) begin
  s1  <= 0;
  s2  <= 0;
  ack <= 0;
end else begin
  s1 <= req;
  s2 <= s1;
  if (s2 != ack) begin
    q   <= data;
    ack <= s2;
  end
end
```

Nditawerengetsa nthawi pa pepala, ndinayambira pamene B wasintha `ack`. A amafunika kugunda katatu kuti ayankhe: kawiri m'maflipiflopu ake, kachitatu posintha `req`, ndipo zonsezi sizipitirira 60 ns. Popeza 60 ns ndi yochepa poyerekeza ndi kugunda kumodzi kwa B, kuchedwa konse kwa A kumabisala mkati mwake. Pa 100 ns `s1` imagwira kusinthako, pa 200 ns kumafika pa `s2`, ndipo pa 300 ns B amasinthanso `ack`. Kupita ndi kubwera kumodzi kumadya 300 ns. Njira ya masitepe awiri imafuna ulendo umodzi wotere pa baiti iliyonse, pamene ya masitepe anayi imafuna maulendo awiri, ndiye kuti 600 ns. Zimenezi zikutanthauza mabaiti pafupifupi 3.3 miliyoni pa sekondi ndi njira ya masitepe awiri, ndi pafupifupi 1.7 miliyoni ndi inayo, ndipo mayesero a pa kompyuta anagwirizana ndi zimene ndinalemba pa pepala.

Mawaya a deta sindinawadutsitse m'maflipiflopu awiriwo, ndipo ndinachita dala. Waya aliyense akadutsa payekha, mabiti ena akhoza kufika kugunda kumodzi patsogolo pa anzawo, n'kupanga nambala imene A sanatumizepo. Chitetezo cha deta chimachokera pa lamulo lakuti A asaisinthe kufikira ataona `ack`, komanso kuti ikhale itafika ndi kukhazikika B asanaitenge. Pa makoloko amenewa detayo ili ndi nthawi yosachepera 200 ns yoti ifike, choncho sindikuda nkhawa, komabe ndaika malire a kuchedwa pa mawayawo m'pulogalamu yoyalira dera, kuti koloko ya B ikadzafulumizitsidwa lamuloli lisadzasweke mwakachetechete.

Nthawi yambiri ndaithera pa funso la kuyambitsanso chigawo chimodzi chokha, chifukwa apa m'pamene njira ziwirizi zimasiyanadi khalidwe. M'njira ya masitepe anayi, dera likakhala phee mawaya onse amakhala pa 0, ndipo kuyambitsanso B pa nthawi imeneyo sikusintha kanthu. M'njira ya masitepe awiri, dera lopuma likhoza kukhala ndi mawaya onse pa 0 kapena onse pa 1, malinga ndi kuchuluka kwa mabaiti amene adutsa. Ndinayesa potumiza manambala otsatizana kuyambira pa 1, n'kuimitsa A atatumiza 7, kenako n'kupereka `rst` kwa B yekha. Pa nthawiyo `req` ndi `ack` zinali pa 1. B atayambanso, `ack` yake inabwerera pa 0, koma `req` inali idakali pa 1, ndipo itangofika pa `s2` B anaona kusiyana n'kutenganso 7 ngati deta yatsopano. Nditaimitsa pa 8, palibe cholakwika chimene chinaoneka, chifukwa mawaya onse anali kale pa 0. Vuto lotere limaoneka pafupifupi theka la nthawi, ndipo munthu akhoza kulinamizira phokoso la magetsi. Chizindikiro chake chenicheni ndi chakuti nambala imodzi imabwera kawiri `rst` itangodutsa, ndiponso kuti zimachitika pokhapokha chiwerengero cha mabaiti odutsa chili chosagawika pawiri. Njira ya masitepe anayi nayonso ikhoza kubwereza baiti ngati B ayambitsidwanso `req` ili m'mwamba, koma mpata wake ndi wa kanthawi kochepa ka ulendo umodzi, pamene m'njira inayo mpatawo umakhala wotseguka ngakhale dera litakhala chete kwa ola lathunthu.

Sindikufuna kuti manambala anga aoneke ngati akutsimikiza kuti masitepe awiri amapambana kulikonse. Ivan Sutherland anatchukitsa njira yodalira kusintha kwa waya mu 1989, ndipo gulu la Steve Furber la ku yunivesite ya Manchester linaigwiritsa ntchito pa purosesa yopanda koloko ya AMULET1, koma pa AMULET2e linasamukira ku masitepe anayi. Mkati mwa chipi chopanda koloko mulibe maflipiflopu odikirira aja, ndipo zosungira deta wamba zimatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi mulingo wa waya, choncho kusandutsa kusintha kulikonse kuti kukhale mulingo kumafuna mageti owonjezera amene amachedwetsa dera ndi kulikulitsa. Pa bodi yanga zinthu zili mosiyana, chifukwa kuyerekezera `s2` ndi `ack` ndi geti imodzi ya XOR, pamene ulendo uliwonse wowonjezera ukudya 300 ns.

Ndasankha kukhala ndi masitepe awiri pa njira ya deta imeneyi. Chimene ndikumanga tsopano ndi `rst` imodzi yofikira zigawo zonse ziwiri, imene idzagwira mbali zonse nthawi imodzi koma idzamasulidwa m'chigawo chilichonse kudzera m'maflipiflopu awiri a koloko ya chigawocho, kuti `req` ndi `ack` zizibwerera pa 0 limodzi. Ndikamaliza ndidzabwereza mayesero a 7 ndi 8, kenako ndidzakweza koloko ya B kufika pa 40 MHz, pamene 60 ns za A sizingabisalenso mkati mwa kugunda kumodzi kwa B.