Kutopa kwa mchemwali wanga sanali malungo

Dzulo ndinaperekeza mchemwali wanga kuchipatala kuno ku Salima, atatha miyezi iwiri akupuma mwabefu akangosewera mpira wamanja mphindi khumi. Tinkaganiza kuti ndi malungo, koma adokotala atayang'ana mkati mwa zikope zake, momwe munali motuwa, analamula kuti ayezedwe magazi. Anapezeka kuti magazi ndi ochepa: himogulobini yake, yomwe imanyamula mpweya m'magazi ndipo thupi limaipanga ndi mchere wa ayironi, inali 10, pamene kwa mayi wosayembekezera siyenera kutsika pansi pa 12.

Chandipweteka mtima n'chakuti zizindikiro tinkaziona, chizungulire ngakhalenso chilakolako chodya dothi, koma tinkangoti ndi kulimbikira masewera. Mayi amene amasamba amafunika mamiligalamu 18 a ayironi patsiku, pamene bambo amafunika 8 okha, ndipo amene amataya magazi ambiri pamwezi kapena amathamanga kwambiri ayironi amamuthera msanga. Mchemwali wanga amupatsa mapiritsi a ayironi, ndipo pakhomo tawonjezera usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe wofinyiramo ndimu. Tiyi amamwa patapita ola atadya, chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi.

Amayi anzanga, kutopa kukapitirira masabata angapo ngakhale mukugona mokwanira, kayezetseni magazi musanagule mapiritsi, ndipo kuno kunyanja pemphani akuyezeninso likodzo, pakuti nalonso limatha magazi mwakachetechete.