Kuweruka 10 koloko tsiku limodzi lokha: uthenga ufike kwa wotenga mwana

Zatheka, koma mutu wandiwawa. Pasukulu yathu ya mkaka kuno ku Dedza ana amaweruka 12 koloko, ndiye Lachinayi tinafunika kuwatulutsa 10 koloko chifukwa aphunzitsi amapita ku maphunziro. Uthenga ndinauponya pagulu la makolo la WhatsApp Lolemba, ndipo unali wotere:

"Makolo, LACHINAYI pa 18 Juni ana adzaweruka 10 koloko m'mawa, osati 12 koloko. Ndi tsiku limeneli lokha, Lachisanu adzaweruka 12 koloko monga mwa masiku onse. Nthawi yobwera m'mawa sinasinthe, ndipo phala adzakhala atamwa. Chonde muuzeni amene amadzatenga mwana wanu. Mukawerenga, yankhani ndi dzina la mwana."

Musalembe kuti "mawa". Wina bandulo imamuthera, uthenga n'kudzauona patapita masiku awiri, mawa lake lakhala lina. Musalembenso kuti "tiweruka msanga", chifukwa msanga wa wina ndi 11 koloko. Nthawi yakale ndi yatsopano zikhale m'chiganizo chimodzi. Chifukwa chosinthira sindinachiike n'komwe: mukayamba ndi nkhani ya maphunziro, anthu amasiyira panjira asanafike pa nthawi.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ichi. Amene ali pagulupo ndi bambo kapena mayi, koma wobwera pageti ndi agogo, wantchito kapena wakabaza. Kholo limaika chala chovomera, n'kuiwala. Wakabaza mmodzi amanyamula ana a nyumba ziwiri kapena zitatu, ndiye iye akapanda kumva, anawo onse atsala pakhonde ndi chisanu cha Juni chino, kulira mamina ali chuchuchu. Akabaza ndinawauza pakamwa, pageti, Lachiwiri ndi Lachitatu. Musadalire kuti kholo lawauza.

Za kuyankha ndi dzina zija, zala sizithandiza chifukwa manambala ena pagulu sudziwa kuti ndi a mwana uti. Dzina likabwera ndimachonga m'kaundula. Lachitatu masana amene sanachongedwe ndinawaimbira, a mafoni a mabatani ndinawatumizira uthenga wamba. Ndimaiwala: kapepala ka mawu omwewo kanapitanso Lachiwiri, ndipo tinakaika m'kontena ya chakudya. M'chikwama kamagona mpaka Loweruka, pomwe kontena imatsegulidwa tsiku lomwelo kuti itsukidwe.

Lachinayi 7 koloko m'mawa ndinatumiza mzere umodzi: "LERO kutenga ana ndi 10 koloko." Wobweretsa mwana aliyense timamufunsa kuti, "Adzamutenge ndani lero, ndipo akudziwa?" Funsani ndithu, ngakhale amene anayankha kale.

Mlezi mmodzi anatsala mpaka 12 koloko ndi kaundula wa manambala komanso mayunitsi. Zimenezi musazilembe mu uthenga, chifukwa mukatero theka la makolo lidzabwera 12 koloko yomweyo.