Kholingo limangodula mpweya, kenako basi

Abale, nkhani ija ya momwe kholingo limapangira mawu yalowa tsopano, mpaka mutu wapepuka. Za khatileji ndi mayina ake sindibwereza, aliyense wa kalasi ya anatome analoweza kale zimenezo. Chimene chimandizunguza chinali chakuti mwamuna akamayankhula timinofu tiwiri ta m'kholingo tija timatseguka ndi kutseka pafupifupi ka 120 pa sekondi, mkazi kupitirira ka 200, ndiye ndimati kodi ubongo ukutumiza uthenga ka 200 pa sekondi kuti tseka tsegula tseka tsegula? Mnofu wanji umene ungapirire zimenezo?

Kani ubongo suchita nawo zimenezo. Ntchito ya minofu ndi kungobweretsa timinofu tiwirito pamodzi n'kutigwira pomwepo, zotsalazo ndi za mpweya. Mapapo akukankha mpweya kuchokera pansi, njira yatsekedwa, presha ikukwera pansi pa kholingo mpaka imakankha timinofuto kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, kampweya pang'ono n'kupulumuka. Kakangopulumuka presha pakatipo imatsika, ndipo poti timinofuto ndi totamuka timabwerera tokha n'kutsekanso, presha n'kuyambanso kukwera. Ndiye mawu ndi mpweya wodulidwadulidwa mwachangu, timagulu ta mpweya totsatizana, ndipo pakhosi, pakamwa ndi mphuno ndi zimene zimakonza phokoso limenelo kuti limveke a kapena i. Tsekani milomo mofewa muuzire kuti brrr ngati mwana akuyendetsa galimoto ya mawaya. Milomo simukuigwedeza ndinu, mwangoiika pamodzi, ukuigwedeza ndi mpweya. Kholingo ndi chimodzimodzi.

Chinanditsegula maso kwambiri ndi kasitirowo ndi botolo la madzi, ndipo ine ndikuti mutu wonsewu azingophunzitsa ndi botolo basi, masilaidi aja atayidwe. Viikani kasitirowo masentimita 7 m'madzi, muuzire pang'onopang'ono mpaka thovu liyambe kutuluka. Mphamvu imene mwagwiritsa ntchitoyo ndi presha ya masentimita 7 a madzi, ndipo kucheza wamba kumafuna pakati pa 5 ndi 10. Kuti timinofuto tingoyamba kunjenjemera pamafunika 2 kapena 3 yokha. Ndi kamphamvu kochepa zedi moti ndinaseka ndekha kukhitchini, ndikuganiza za anzathu a kwaya amene amakoka mpweya mpaka mapewa kufika m'makutu, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo.

Apa ndi pamene mapapo anayamba kumveka. Vuto la woyimba si kupeza mpweya wambiri, vuto ndi kuuletsa kuti usathawe. Ukakoka mpweya wodzadza, mapapo ndi nthiti zimafuna kubwerera zokha m'malo mwake ndipo presha imene zimapanga imaposa imene mawu ofewa akufuna, ndiye minofu yokokera mpweya, makamaka ya pakati pa nthiti, imakhala ikugwirabe ngati buleki ngakhale mpweya ukutuluka. Mpweya ukamachepa buleki ija imamasuka, kenako minofu ya pamimba imayamba kufinya kuti presha isagwe. Cholinga chonse n'chakuti presha ikhale yofanana kuyambira poyamba pa mzere wa nyimbo mpaka pothera. Mukamva munthu wayamba mzere mokuwa n'kumaliza ngati akunong'ona, pamenepo pakanika.

Presha imakhudza kwambiri kukula kwa mawu. Kukwera kwa noti n'kwa kholingo, mnofu wa kirikothairoidi umakoka timinofu tija kuti titalike ndi kukungika, tikatero timanjenjemera mofulumira. Koma ukakankha mpweya kwambiri noti imakweranso pang'ono, n'chifukwa chake woyimba akamakuwa amapitirira kiyi osadziwa.

Zimene zimandinyansa n'zoti aphunzitsi anadutsa zonsezi mu mphindi zochepa, anangotchula lamulo la Bernoulli loti mpweya ukathamanga pa mpata wopapatiza presha imatsika n'kunena kuti mukawerenge nokha, kenako tinathera nthawi yonse kujambula mivi pa chithunzi. Pomwe ku wodi zimenezi n'zimene ukufunika kumva ndi khutu. Munthu wachitidwa opaleshoni ya chithokomiro, mtsempha wopita ku kholingo wakhudzidwa, kamnofu ka mbali imodzi sikakufika pakati. Mpata watsala, mpweya ukungodutsa, presha sikukwera mokwanira. Mawu ake amatuluka osasa odzadza mpweya, amayankhula mawu ochepa n'kupumira, kutsokomola kwake kumakhala kopanda mphamvu, nthawi zina amatsamwa akamamwa madzi. Mapapo alibe vuto koma iye amadandaula kuti mpweya ukumuthera akamayankhula.

Pamene ndikadazungulirabe ndi pa mawu aang'ono aja amene azibambo amatulutsa akamayimba ngati mkazi. Ndamva kuti timinofuto timakhala topyapyala, m'mphepete mokha ndi momwe mukunjenjemera, ndipo nthawi zambiri sititsekeratu. Nanga ngati sititseka, kuduladula kwanga kuja kukuchitika mpaka pati? Mwina kungochepetsa ndi kuchulukitsa mpweya n'kokwanira, kaya, botolo langa pamenepa silikundithandiza ndipo mayeso ali pafupi.