Tsiku lokumana ndi a supavaiza ndimalipeza pa dirafuti

Ndikafuna kupempha nthawi kwa a supavaiza anga, chimene ndimayamba kutsegula ndi chaputala chomwe tikakambirane. Kalendala imabwera pambuyo. Ndimadzifunsa mosadzinamiza kuti chaputalacho chitha liti, chifukwa masiku onse okumana achokera pa tsiku limenelo.

Chaputala chachitatu, cha njira zochitira kafukufuku, ndinaona kuti chitha Lachisanu pa 8. Ndinawasiyira masiku atatu athunthu a ntchito oti awerenge, ndiye tsiku loyamba lomwe ndikanatchula linali Lachinayi pa 14. Kutumiza Lachisanu madzulo n'kupempha Lolemba m'mawa n'chimodzimodzi kuwauza kuti Loweruka lawo ndi langa. Nawonsotu ali ndi makalasi, misonkhano ndi ophunzira ena owayang'anira.

Kenako ndinasankha nthawi zitatu, pa masiku osiyana, ina m'mawa zina masana. Zonse zikakhala za tsiku limodzi iwo n'kukhala ndi msonkhano, zagwa zonse. Mawu oti "nthawi iliyonse imene mungapeze mpata" amamveka aulemu, koma amawasenzetsa ntchito yofufuza tsiku, ndipo imelo yotere imachedwa kuyankhidwa. Pamutu ndinalemba kuti "Pempho lokumana: chaputala 3". M'kati munali izi:

"A Dokotala, ndikhulupirira muli bwino. Ndikupempha kuti tikumane kwa mphindi 30 pa za chaputala 3. Kodi mungakhale ndi mpata Lachinayi pa 14 nthawi ya 10 koloko m'mawa, Lachisanu pa 15 nthawi ya 2 koloko masana, kapena Lachiwiri pa 19 nthawi ya 3 koloko masana? Dirafuti yake, ya masamba 18, ndikutumizirani Lachisanu pa 8 isanakwane 12 koloko. Chimene ndikufuna mundiunikire kwenikweni ndi kasankhidwe ka anthu ofunsidwa mafunso, m'ndime 3.4. Ngati masikuwa sakutheka, ndidzatsatira tsiku lomwe mungandipatse. Zikomo kwambiri."

Kuchuluka kwa masamba ndimakutchula dala. Munthu akadziwa kuti ndi 18, osati 60, amatha kuona ngati angamalize pofika Lachinayi kapena asankhe Lachiwiri. Kutchula ndime 3.4 kumathandiza akakhala kuti atanganidwa: angowerenga pomwepo, mkumano n'kukhalabe waphindu.

Lachisanu lija linakwana asanayankhe. Ndinatumizabe dirafuti m'mawa, poyankha pa imelo yomwe ija kuti masiku ndinatchulawo aoneke m'munsi mwake. Fayilo inali ya Word, yokhala ndi manambala a masamba, kuti athe kulembamo ndemanga. Tebulo limodzi linali losatha, ndipo ndinalembapo choncho kuti asataye nthawi kulikonza. Chikanakhala kuti chaputala chonse chatsalira, ndikanawadziwitsa Lachitatu n'kupempha kuti tisunthe mkumano, osadikira tsiku la lonjezo lidutse.

Anayankha Lolemba: asankha Lachiwiri pa 19, ndipo ndidzatenge mafunso omwe ndikafunse anthuwo.