Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kavalo wa mdzukulu wanga

Gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinapuma pantchito n'kuyamba kukhala pakhomo kuno ku Mabvuku. Chaka chomwecho mwana wanga wamkazi anayamba kundisiyira mdzukulu wanga masana akaweruka kusukulu. Anali ndi zaka 7. Tsiku lina akusanthula m'kabati anapeza bolodi yanga ya tchesi, yomwe inali itachita fumbi, n'kubwera nayo pakhonde. "Agogo, bawo wamtundu wanji ameneyu wopanda maenje?"

Tsiku loyamba ndinalakwitsa ndine. Ndinayala zidole zonse 32 n'kuyamba kulongosola kayendedwe ka chilichonse. Pofika pa mfumukazi mwana anali akuyang'ana nkhuku. Usiku ndinaganiza za momwe bambo anga, omwe anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito muno, anandiphunzitsira bawo. Sankachulukitsa mawu. Ankandipatsa nkhomo m'manja kuti ndidzifesere ndekha.

Mawa lake ndinabweza zidole m'thumba n'kutsala ndi ruku mmodzi, uja wooneka ngati nsanja. Ndinamwaza zitsekerero zisanu za mabotolo pabolodi n'kumuuza kuti ruku amayenda chowongoka, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo ntchito yake ndi kutola zitsekererozo. Mphindi 15 zitakwana ndinapinda bolodi iye akadafunabe. Mwana mumamulekeza akadali ndi njala ya masewero, mawa amakuitanani yekha. Bishopu, mfumukazi ndi mfumu zinatenga masiku atatu okha. Vuto laling'ono linali loti anazolowera kuona anyamata akusewera dirafuti pagolosale, ndiye ankafuna kudya polumpha. Ndinamugwira dzanja kangapo kumuonetsa kuti mu tchesi umakhala pamalo penipeni pa amene wamudya.

Kavalo ndiye anatitengera sabata yathunthu.

Ambiri amaphunzitsa kuti kavalo amayenda ngati chilembo cha L. Kwa mdzukulu wanga sizinagwire, chifukwa L wake ankatalika lero, mawa n'kufupika. Ndinasintha. Tinkawerenga mokweza chala chili pabolodi: "Chimodzi, ziwiri, khota!" Mabokosi awiri chowongoka, kenaka limodzi kumbali. Koma chomwe chinamutsegula mutu ndi mtundu wa mabokosi. Kavalo akanyamuka pa loyera amatera pa lakuda, akanyamuka pa lakuda amatera pa loyera, nthawi zonse. Ndiye akasuntha sindinkanena kuti walakwa. Ndinkangofunsa kuti, "Wachoka pa mtundu wanji, wafika pa mtundu wanji?" Ukakhala umodzimodzi ankabweza yekha. Mtundu ukasintha si umboni wokwanira woti wayenda bwino, koma ukapanda kusintha ndiye kuti walakwa ndithu, ndipo zolakwa zake zambiri zinkagwidwa pomwepo.

Bokosi lililonse pabolodi lili ndi dzina: chilembo cha mzere wopita kutsogolo, a mpaka h, ndi nambala ya mzere wopingasa, 1 mpaka 8. Lachinayi ndinaika kavalo pa b1, pamalo pomwe amayambira, ndipo chitsekerero ndinachiika pa b2, patsogolo pake penipeni. Bolodi inali yopanda china chilichonse.

"Agogo, ichi ndiye chapafupi."

"Chitole tione, mwanawe."

Anatambasula dzanja, n'kuima. Pochoka pa b1 kavalo ali ndi malo atatu okha: a3, c3 ndi d2. Anapita pa c3, anazungulira, anabwerera. Anayesanso. Milomo inayamba kututuma, ndipo ine m'kamwa munali kuyabwa kuti ndimuuze. Ndinadzigwira, koma ndinamupatsa kachingwe kamodzi: tiyambire kumapeto. Tinaika chala pa b2 n'kufunsa kuti kavalo wofuna kutera apa ayenera kuchokera kuti. Tinapeza a4, c4, d3 ndi d1, ndipo pa malo onsewo tinaikapo njere za chimanga. Anayang'ana kanthawi, kenaka ananyamula kavalo: b1 kupita a3, a3 kupita c4, c4 kutera pa b2. Maulendo atatu kuti afike pakhomo loyandikana nalo! Ndinamuonetsa chifukwa chake awiri sangakwane: b1 ndi loyera, b2 ndi lakuda, ndipo kavalo akalumpha kawiri amabwerera pa mtundu womwe anachokera.

Tsiku lomaliza la sabatayo tinawerenga ndi chimanga chomwecho. Kavalo ali pakona anapeza njere ziwiri zokha, ali pakati pa bolodi anapeza zisanu ndi zitatu. Sindinawonjezepo mawu.

Mayi ake atabwera madzulo, magetsi atazima kale, anatipeza tili pakandulo. Mwana anawakoka chitenje, n'kuwakhazika pansi, n'kuika kavalo pa g1 ndi chitsekerero pa g2. "Amayi, chitoleni. Koma musafulumire, n'chakutali."

Za asilikali, tizidole ting'onoting'ono ta mzere wakutsogolo tija, omwe amayenda chowongoka koma n'kumadya chapakona, ndidzakamba m'gawo lotsatira, chifukwa kumeneko kunagwa misozi.