Mng'alu watsekeka, gitala yalankhulanso

Dzulo madzulo ndabwezera nsambo pa gitala yanga patatha masiku 16 ili chigonere m'bokosi lake. Ndinayamba ndi kuikuna pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi thabwa, kumvetsera ngati pena pake pati the. Sipanamveke kanthu. Ndinaimba mpaka udzudzu utayamba kuluma m'miyendo, ndipo mtima womwe unali m'malere masabata awiriwa wakhala pansi.

Anzanga ena mukudziwa kale kuti gitalayi ndinabwera nayo kuchokera kwathu ku Ulongwe mu Ogasiti, nditapeza ntchito kuno ku Moatize. Kumtunda kuja yakhala zaka zisanu ndi chimodzi osadandaula, chifukwa ku Angonia kumazizira ndipo mpweya wa m'nyumba suuma kwambiri. Kuno ndi dziko lina. Okutobala akafika kutentha kumapitirira madigiri 40, malata amalira okha masana, ndipo chovala chochapa chimauma usanamalize kuchapa chinzake. Thabwa la pamwamba la gitala yangayi ndi la sipurusi weniweni, osati pulayiwudi, ndiye limapuma limodzi ndi nyengo. Likamwa chinyezi limafufuma, likauma limanyala, ndipo limatero m'lifupi, mopingasa mizere yake, osati m'litali. Thabwa lotambalala pafupifupi masentimita 40 likhoza kunyala ndi mamilimita awiri kapena atatu chinyezi chikatsika kwambiri. Koma m'mphepete monse ndi lomatidwa, mkati mulinso timitanda tolimbitsa, ndiye lilibe kothawira. Limadzikoka lokha mpaka kung'ambika motsata mzere.

Zonsezi ndinkazidziwa, n'chifukwa chake nditangofika ndinagula kachipangizo koyezera chinyezi, kaja ka batire kakang'ono ngati bokosi la machesi, n'kukaika m'bokosi la gitala pafupi ndi khosi. Gitala imafuna chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kachipangizoka kankasonyeza 47, tsiku lina 46, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino.

Gitala yokha inali itayamba kundiuza zoona. Mu Seputembala ndinamva nsonga za mafuleti, tizitsulo topingasa pa khosi la gitala tija, zikundikanda chala ndikamatsetsereka m'mbali mwa khosi. Chitsulo sichinatalike ayi, ndi thabwa la khosi lomwe linanyala n'kusiya nsongazo panja. Kenako nsambo zinatsika zokha. Pa fuleti ya 12, nsambo yaikulu ija inkakhala mamilimita 2.5 kuchokera pa chitsulo, koma nditayeza ndi rula ndinapeza yatsala pang'ono kufika pa 1.5, ndipo inkachita phokoso la nyenje ndikaimenya mwamphamvu. Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ndinatenga kiyi n'kumasula chitsulo cha m'khosi kagawo kamodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, phokoso linachepa, ine n'kuganiza kuti ndathana nazo. Chikhala kuti ndinagoneka rula mopingasa kumbuyo kwa buliji, kathabwa kogwira nsambo pa mimba ya gitala, ndikanaona vuto lenileni. Thabwa la gitala yathanzi limakhala lotukuka pang'ono pakati, rula imagwedera mbali ndi mbali. Langa linali litaphwa, pakati pakuoneka kampata pansi pa rula, ndipo buliji inatsika nalo limodzi. Khosi linalibe mlandu.

Mng'alu ndinauona Lamlungu m'mawa, dzuwa litalowera pa zenera n'kuwala pa vanishi. Unayambira kunsi kwa buliji, mbali ya nsambo zing'onozing'ono, kutsika kulowera kumchira, utali wake masentimita 11. Ndinadula kapepala ka m'kope n'kukalowetsa, kanalowa bwinobwino. Usiku ndinaika foni yoyatsa tochi mkati mwa gitala n'kuzimitsa getsi la m'chipinda, ndipo kuwala kunatulukira pa mng'aluwo ngati ulusi woyera. Ndinakhala pa mphasa nthawi yaitali gitala ili pamiyendo. Kachipangizo kaja kanali pambali panga, kakusonyezabe 47.

Masiku atatu otsatira ndinawathera pa funso limodzi: thabwa lingang'ambike bwanji pa 47? Ndinaganizira za ulendo wa pa shapa kuchokera ku Ulongwe, mwina wina anatsamiza thumba la mbatata pa bokosi. Koma mng'alu wa kugundidwa umasiya chipsera pa vanishi ndipo mbali imodzi imatsika kuposa inzake, pomwe wangawu unali wowongoka, milomo yake iwiri yofanana, wongotseguka. Ndinaganiziranso za nsambo, poti zachitsulo zimakoka ndi mphamvu yokwana makilogalamu pafupifupi 70, koma buliji inali yomatika bwino, kapepala sikankalowa pansi pake. Chinatsala ndi kachipangizo komwe.

Kukayesa kwake n'kosavuta ndipo ndikupempha aliyense amene ali nako achite zimenezi sabata ino. Tengani chitsekerero cha botolo, dzazani mchere wa m'khitchini, dontheziranimo madzi pang'ono kuti mcherewo ungonyowa ngati mchenga wa m'mbali mwa Revubwe, osati usungunuke. Ikani chitsekererocho ndi kachipangizo m'kontena yotseka bwino mpweya, musiye pamthunzi usiku wonse. Mchere wonyowa umasunga mpweya wa m'menemo pa 75 peresenti, ndi chikhalidwe chake chimenecho. Kanga m'mawa kanasonyeza 88. Ndinabwereza ndi mchere wina, 88 yemweyo. Kankawonjezera 13. Ndiye kuti miyezi iwiri yonse gitala yanga inali pa 34 kapena kutsikirapo, chifukwa kulakwitsa kwa tizipangizo totchipati sikukhala kofanana pamwamba ndi pansi. Pa 34, kwa masabata ambiri, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, sipurusi sangapirire.

Mnzanga wina wa ku Matundo anadabwa nditamuuza, amvekere, "Achimwene, Zambezi ali pompa, mpweya ungaume bwanji?" Madzi a mumtsinje sathandiza m'nyumba yotentha. Mpweya ukatentha umakhala ndi ludzu lalikulu, madzi omwewo amene m'mawa anali okwanira, masana amakhala ochepa poyerekeza ndi omwe mpweyawo ungathe kunyamula, ndipo umakatenga otsalawo m'thabwa.

Chimene ndinkafuna tsiku lomwelo chinali kuthira supaguluu basi. Amene anandiletsa ndi amalume anga, mmisiri wa matabwa amene wakhala akupala mlombwa kuyambira ine ndisanabadwe. Gitala saidziwa, koma thabwa amalidziwa. Pa foni anati, "Mphwanga, thabwa louma sulimata lili kukamwa yasa. Ukadzaza pamenepo, mvula ikadzagwa lidzafuna kubwerera pamalo pake, lidzapeza patsekedwa, lidzatukumuka kapena kung'ambikira pena. Limwetse kaye." Mawu amenewo ndi amene apulumutsa gitalayi.

Ndinamasula nsambo zonse. Ndinatenga tibokosi tiwiri ta sopo, n'kutiboola mabowo ambiri ndi msomali wotentha, n'kuikamo siponji yatsopano yonyowetsedwa ndi madzi owiritsa ozizira, yofinyidwa mpaka osadonthanso ngakhale dontho limodzi. Kamodzi ndinakakulunga m'kansalu n'kukalowetsa m'mimba mwa gitala, kena pansi pa mutu. Bokosi lonse ndinalilowetsa m'pulasitiki yaikulu ija yobwera ndi matiresi, n'kuligoneka pansi pa bedi, pa simenti, kutali ndi khoma la kumadzulo lomwe limakhala lotentha mpaka pakati pa usiku. Madzi asakhudze thabwa, ndipo musafulumize. Gitala imene yauma miyezi iwiri singamwe tsiku limodzi, ndipo kuiika pa nthunzi ya madzi otentha kumasungunula guluu wa timitanda ta mkati.

Masiku awiri oyamba siponji zinkauma gwa pofika madzulo, thabwa ndi nsalu ya m'bokosi zikumwa zonse. Kachipangizo, nditachotsera 13 uja, kanakwera kuchoka pa 34 kufika 41 tsiku lachitatu, kenako kanaima pamenepo masiku atatu, ndipo ndinayamba kuda nkhawa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kanafika 50. Kapepala kaja kanayamba kulowa mokakamira. Pa tsiku la 10 sikanalowenso, tochi ya foni sinatulukire, ndipo rula inayambanso kugwedera pa thabwa. Ndinausiya pa 55 masiku ena awiri kuti ukhazikike.

Kumata kwenikweni kunanditengera mphindi zosakwana 20. Ndinagwiritsa ntchito kola, guluu wamba wa matabwa, woyera uja. Dzanja lamanzere linali mkati likukankha thabwa m'mwamba pang'ono n'kulisiya, kukankha n'kulisiya, chala chamanja chikutikita guluu pa mzere, mpaka ndinamva kunyowa pa chala cha mkati, kusonyeza kuti wadutsa. Wotsala ndinapukuta ndi kansalu konyowa. Mawa lake ndinamata tizigamba titatu mkati, tokula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tochindikala mamilimita awiri, mizere yake itapingasa mng'alu kuti uwo usadzatsegukenso. Ndinatipana ndi maginito awiri, wina mkati wina kunja, ndi kansalu pakati kuti vanishi isakandike. Tizigambato ndinatidula pa thabwa la gitala yakale yomwe ndinagula yothyoka khosi chaka chatha kuti ndichotseko makiyi okungira nsambo. Sindinkadziwa kuti idzandithandizanso motere. Maginito ndinawapeza kwa bambo wina wokonza mawailesi ku msika wa Kwachena, yemwe ndimagulakonso nsambo nthawi zina. Bambo ameneyu sataya kanthu, ndipo ukamufotokozera chimene ukufuna amalowa m'katoni mwake n'kutulutsa chinthu choposa chimene unkaganiza.

Nditakunga nsambo dzulo, zinali zitakwera kufika pafupifupi mamilimita atatu pa fuleti ya 12, chifukwa thabwa labwerera koma chitsulo cha m'khosi chinali chikadali pomwe ndinachimasulira mu Seputembala. Ndachibweza kagawo komweko, lero m'mawa ndayeza ndapeza 2.5. Nsonga za mafuleti zikukandabe pang'ono. Thabwa la khosi ndi lolimba, limachedwa kubwerera ndipo nthawi zambiri silibwerera lonse, ndiye mwina ndidzazipala ndi fayilo yosalala. Mzere wa mng'alu ukuoneka ukauyang'ana chammbali pa dzuwa. Mawu ake sindikumva kusiyana kulikonse.

Mitambo yayamba kusonkhana madzulo kumbali ya ku Zobwe. Mvula ikangokhazikika mu Disembala vuto lidzatembenuka: thabwa lidzafufuma, nsambo zidzakwera, mawu adzamveka ngati gitala yafunda bulangete, ndipo siponji zikaiwalika m'bokosi zidzabweretsa nkhungu. Ndikusonkhanitsa timapaketi ta silika tija ta m'mabokosi a nsapato, ndili nato 23, ndidzatiumitsa pa moto wochepa kuti tidzalowe m'malo mwa siponji kachipangizo kakadzapitirira 60. Pa kachipangizoko ndamatapo kapepala kolembedwa "chotsa 13".

Ndikuganizanso zopanga kabati ya mlombwa ya chitseko cha galasi, yotseka bwino mpweya, yokwana magitala atatu, ngakhale pano ndili ndi imodzi ndi theka. Amalume ati ndikapita ku Ulongwe pa Khirisimasi tikaone matabwa.