Mmene ndinalemberanso uthenga wa nkhongole ya makina osokera

Ndinatenga makina osokera pa nkhongole kwa amayi ena amene ali ndi shopu pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Tinapangana K9,000, ndipo ndinapereka K2,500 pamanja pa 25 Okutobala 2025. Madzulo ake iwo ananditumizira uthenga pa foni: "Makina 9,000, wapereka 2,500, zotsala 1,500 mwezi uliwonse mpaka kutha." Uthengawo unalibe bodza. Kungoti miyezi ingapo itapita, palibe akanautsegula n'kudziwa kuti tafika pati.

Ndinayamba ndi masamu, pa chikuto cha kope limene ndimalembamo miyeso ya makasitomala. Kuchotsa K2,500 pa K9,000 kumatsala K6,500. Ukapereka K1,500 kanayi wafika pa K6,000, ndiye pakutsala K500 imene uthenga uja sunaitchule. Ndalama yaing'ono yotereyi ndi imene imadanitsa anthu, chifukwa wogula amawerenga miyezi inayi n'kuona kuti wamaliza, pamene wogulitsa akudikira mwezi wachisanu. Ndikanatha kuiphatikiza ku Januwale, mwezi umene ife atelala timapezako bwino ndi mayunifolomu a ana a sukulu. Koma kumeneko kukanakhala kusintha pangano, pomwe ine ndinkafuna kungolemba bwino zimene tinagwirizana kale. Ndinaisiya payokha ngati malipiro achisanu.

Nkhani ya tsiku ndiyo inafuna kuti ndipite kukaonana nawo. "Mwezi uliwonse" kwa ine kunatanthauza kumapeto kwa mwezi, koma iwo ankaganiza za pa 25, tsiku limene ndinapereka ndalama yoyamba. Ndinati, "Amayi, tisankhe deti limodzi tilembe." Iwo anati pa 30. Ndinawakumbutsa kuti Febuluwale alibe 30, ndipo tinagwirizana pa 28, deti limene limapezeka mwezi uliwonse. Titayang'ana kalendala tinaona kuti 28 Disembala 2025 ndi Lamlungu, tsiku limene iwo satsegula shopu. "Ubwere Lolemba, mwanangu," anatero, ndiye ndinalemba 29 Disembala pamzere womwewo, osati kusiya kuti tidzakumbukire tokha.

Pamwamba pa pepala ndinalemba maina athu onse awiri monga alili pa ziphaso, kenaka mtundu wa makinawo ndi nambala yosindikizidwa pa chitsulo chake. Ndinatchulanso kuti K9,000 ikuphatikiza tebulo ndi mota. Mtengo wonsewo ndinaulemba m'manambala ndi m'mawu omwe, kuti wina asadzawerenge molakwa. Pansi pake ndinaika mizere iyi:

25 Okutobala 2025: K2,500, yaperekedwa, kutsala K6,500
28 Novembala 2025: K1,500, kutsala K5,000
29 Disembala 2025: K1,500, kutsala K3,500
28 Januwale 2026: K1,500, kutsala K2,000
28 Febuluwale 2026: K1,500, kutsala K500
28 Malichi 2026: K500, nkhongole yatha

Mawu akuti "kutsala" ndi amene ndimawaona ofunika koposa pa pepala lonseli. Amayiwo akafuna kudziwa kuti ndili nawo zingati mu Januwale, safunika kuphatikiza chilichonse, amangoika chala pamzere. Mizereyi imadziyesanso yokha: manambala apakati ukawaphatikiza ayenera kukwana K9,000, ndipo mzere womaliza uyenera kuthera pa ziro. Chimodzi mwa ziwirizi chikakana, penapake palakwika. Miyezi ndinailemba m'mawu, ndi chaka chomwe, popeza malipirowa akudumphira m'chaka china.

Panatsala kaperekedwe. Ndikatumiza pa foni, iwo pokatapa amadulidwa kangachepe, ndiye K1,500 siifika yonse m'manja mwawo. Tinalemba kuti ndalama yodulidwayo ndi ya ine, ndipo siiwerengedwa pa nkhongole. Nambala ya foni yotumizirako tinailembanso, imodzi yokha. Ndikapereka pamanja, iwo amasaina pambali pa mzere wa mwezi umenewo. Ndikatumiza pa foni, ndimakopera pamenepo nambala ya uthenga wotsimikizira. Za kuchedwa tinagwirizana kuti ndiziwauza tsiku lisanafike, ndipo tsiku latsopano lizilembedwa pa mapepala onse awiri. Ndinawafunsa mwachindunji ngati pali chiwongoladzanja. Anati palibe, ndipo mawu akuti "palibe chiwongoladzanja" analowa pa pepala.

Ndisanasaine ndinawapempha kuti awerengetsere okha. Anaitana mwana wawo wamkazi, iye akuwerenga mokweza mzere ndi mzere, iwo akudina pa kakyuleta ya pa shopu mpaka inaonetsa 9,000. Tinasaina mapepala awiri ofanana, wosoka mnzanga wa pakhonde lomwelo anasaina ngati mboni, ndipo aliyense anajambula pepala lake pa foni kuti likanyowa kapena kutayika chithunzi chikhalepo. Uthenga woyamba uja tinagwirizana kuti sukugwiranso ntchito, ndipo chimenecho ndinachilemba pamwamba pa masaini athu.